Rumaisa ndi dzino la Madamu

Rumaisa, mwana wa mlongo wanga wa ku Chawama mu Lusaka uja, ukamutumizira chithunzi cha kalulu amakuuza tsiku limene kaluluyo anabadwa, chimene anadya Lachiwiri lapitali, ndi matenda amene anapha agogo ake a kaluluyo ku Petauke. Ndipo zonsezo ndinamuphunzitsa ndine, malume ake Ishaq, ali kamwana kosadziwa n'kumanga nsapato komwe.

Chabwino, ndanama. Za agogo a kalulu sazidziwa, ndipo ine sindinamuphunzitse kanthu kupatula kutsegula botolo ndi mano, chimene mayi ake sanandikhululukirebe mpaka lero. Koma zotsatirazi n'zoona, ndipo ndikazikumbukira ndimakhala chete, chinthu chimene a ku Matero kwathu angakuuzeni kuti sichichitika kawirikawiri.

Rumaisa si dokotala, ndipo ukamutchula choncho amakwiya. Zaka zisanu ndi ziwiri anagwira ntchito pa kachipatala kena ka ziweto m'tauni. Ankasesa, ankatsuka zitsulo, ankagwira nyama pamene dokotala akuziyeza. Wogwira nyama nkhope yake imakhala pafupi ndi nyamayo kuposa ya dokotala amene, ndiye iye ankangoona n'kusunga. Maso a bambo ake, ba Haidar atelala, atayamba kuchita chifunga, anasiya ntchitoyo n'kukhala pa makina osokera. Kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda wa mabuloko, anamanga makola anayi a akalulu. Lero amasoka mayunifomu a sukulu, foni ili pambali pa sizasi, ndipo oweta akalulu a ku Kanyama, Mtendere, Mandevu mpaka ku Chipata kompaundi amamutumizira zithunzi pa Watsapu. Ine ndimati pa tsiku zimafika zikwi ziwiri. Iye amati zikachuluka ndi zisanu ndi chimodzi.

Amapempha kuona mano, maso onse awiri lililonse palokha, chibwano, m'kati mwa miyendo yakutsogolo, ndi ubweya wa pamsana ataupatula ndi zala kuti khungu lioneke. Koma lamulo limene amalibwereza mpaka kutopa nalo ndi lakuti kalulu asasambitsidwe, asapukutidwe, asapesedwe. Apa mpamene anthu athu amagwa. Kwathu kuno munthu sajambulidwa ali ndi manthongo. Mwana akamajambulidwa amayamba wasamba, wadzola mafuta mpaka chipumi kuwala ngati galasi la minibasi. Ndiye mwini kalulu akamva kuti chithunzi chikupita kwa munthu wa ku Chawama, amaona kuti n'chamanyazi kutumiza chiweto chake chili mbuu. Amachipukuta bwinobwino, ndipo pamodzi ndi fumbi amapukutanso matenda onse amene Rumaisa amafuna kuwaona. Mayi wina wa ku Kanyama anamudzoza kalulu vaselini. Bambo wina ndinamva kuti anamuveka tayi, koma ameneyo sindinamuone ndi maso anga.

Tsiku la nkhani yathuyi linali Lachinayi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti malata amalira okha. Rumaisa anali kusoka kolala ya shati pamene foni inanjenjemera. Zinali zithunzi zisanu zochokera pa foni yanga, ndi uthenga wa mawu wa ba Lazarous a ku George, mnzanga amene tinanyamula naye malata zaka zambiri ku mafakitale. Iwo kafoni kawo n'kamabatani, ndiye wojambula ndinali ine.

Ba Lazarous ali ndi kalulu wamkazi mmodzi yekha, woyera wa makutu a bulauni, dzina lake Madamu. Ndiye yekha wotsala mwa akalulu amene malemu akazi awo, ba Belinda, ankaweta. Masiku asanu ndi anayi m'mbuyomo Madamu anali ataswa ana asanu ndi mmodzi, maso awo asanatseguke n'komwe.

"Mwana wanga, ni ine Lazarous," anatero mawu aja. "Madamu sadya mushe masiku atatu aya, koma ni kutentha chabe. Niuzeko zina ya vitamini yoika mu manzi. Vithunzi ivo, uzaona weka kuti ali bwino maningi."

Rumaisa anaimitsa makina. Kalulu sadwala mokuwa. Amabisa, amakhala phee ngati palibe kanthu, ndipo akasiya kudya m'mimba mwake mumaima, tsiku limodzi kapena awiri wapita. Uyu anali woyamwitsa. Akapita iye, ndiye kuti apita asanu ndi awiri.

Pa zithunzi Madamu ankawala ngati mkwatibwi. Rumaisa anakulitsa choyamba ndi zala ziwiri. Kumanja, ubweya wa pansi pa diso unali wofutukuka monga umakhalira. Kumanzere unali utagona m'mizere, yonse yoloza kumodzi, monga umachitira ubweya ukadutsidwa ndi nsalu yonyowa. Pachibwano chimodzimodzi. Kenako anayang'ana dzanja limene linagwira kaluluyo. Ba Lazarous ndi munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, manja awo ungapalire moto wa machesi. Dzanja la pa chithunzi linali losalala ngati la khanda.

Anandiimbira.

"Amalume, fyuluta ija yokongoletsa nkhope mukali nayo pa foni?"

"Fyuluta iti? Ine nkhope yanga ni yachibadwa."

"Ba Lazarous mwabachotsera zaka fote pa dzanja. Zimitsani. Apatseni foni."

Ba Lazarous atalandira anayamba ndi moni wautali, kufunsa za ba Haidar ndi maso awo. Rumaisa anayankha zonse mwaulemu, phazi likugundagunda pa chopondera cha makina.

"Ba tate, munamupukuta kumaso?"

"Pang'ono chabe. Nanga ningatume mukazi wa bene ali na manthongo? Bangakambe chani ku Chawama?"

"Ku Chawama kulibe wokamba, niona neka. Chimene munapukutacho chinali cha mtundu bwanji?"

"Choyera. Monga mukaka."

"Diso imozi kapena yonse?"

"Ya kumanzere chabe."

Anawauza kuti mano awajambule nthawi yomweyo: amukulunge Madamu m'chitenje, asamugoneke chagada, mmodzi akankhire milomo m'mbali pang'onopang'ono, wina ajambule ali pamthunzi, osayatsa kuwala kwa foni. Zinazo adikire maola awiri osamukhudza. Anapemphanso zimene sapemphapempha: mbale yodyera, pansi pa khola, ndi mimba za ana aja.

Maola awiri amenewo kolala ija anaisoka mozondoka, n'kuiphwasula, chimene sanachitepo chiyambire kugwira singano.

Zithunzi zachiwiri zinafika dzuwa lisanafike pamutu. Tsopano Madamu anali Madamu weniweni. Kuchokera pa ngodya ya diso lamanzere panatsika mzere wonyowa, ubweya utamatirirana, ndipo pansi pake khungu linayamba kufiira. Diso lamanja linali louma, lowala. Rumaisa anapita pa mphuno. Chikanakhala chimfine cha akalulu, mphuno ikanakhala yonyowa ndi miyendo yonse iwiri yakutsogolo yomata mamina, poti kalulu amapukuta nkhope ndi manja. Mphuno inali youma, ndipo mwendo womata unali wamanzere wokha. Likanakhala fumbi kapena fungo la mkodzo m'khola, maso akanalira onse awiri. Chibwano chinali chonyowa ndi dovu.

Ubweya wa pamsana unali wosakhazikika, wa nyama imene yasiya kudzinyambita, koma poupatula khungu linali loyera, lopanda mfundu, lopanda nkhanambo za mphere. Pamimba panali dazi lalikulu. Limenelo analidutsa osadandaula, chifukwa kalulu wamkazi amadzizula yekha ubweya kuti ayalire ana ake.

Anatsegula chithunzi cha mano n'kukhala nacho nthawi yaitali. Anali oyera, osatalika, akumwamba ataphimba akumunsi monga ziyenera kukhalira. Munthu wina aliyense akanati apa palibe mlandu. Koma Rumaisa anatenga rula yake yosokera n'kuigoneka pa galasi la foni, mopingasa nsonga za mano. Mzere wa nsongazo sunali wowongoka. Unapendekera, mbali ina yadyeka kwambiri, ina yatsala.

Mano a kalulu sasiya kukula moyo wake wonse, akutsogolo ndi a m'kati momwe. Chimene chimawafupikitsa ndi kupera udzu, nsagwada ikuyenda uku ndi uku. Kalulu akamatafunira mbali imodzi yokha masabata ambiri, mano akutsogolo amadyeka mopendekera. Ndipo palibe nyama imatafunira mbali imodzi popanda chimene ikuthawa kumbali inayo.

M'mbale munali gaga wonyambitidwa theka ndi nthuli ya kabichi yolumidwa kamodzi n'kutayidwa. Pansi pa khola ndowe zinali zochepa, zing'onozing'ono ngati nthangala za therere. Mwa ana aja, anayi mimba zinali zozungulira. Awiri khungu linali litayamba makwinya.

Anaimbanso.

"Ba tate, udzu munamupasa liti komaliza?"

"Udzu mu Okutobala? Niupeze kuti mu George? Kuchokera Juni adya gaga na kabichi, na tumapeleti twa akalulu twa mu shopu. Adya bwino kuchila ine."

"Gaga sipera mano. Nikaona so, kumanzere m'kati muli dzino yasongoka, imulasa m'kamwa akatafuna. Ndiye dovu ija. Diso nayo ilira chifukwa mizu ya mano ya kumwamba ili pafupi na kanjira ka misozi, ikakula imakapanikiza."

Ba Lazarous anati, "Mano ya m'kati waiona bwanji? Ine nili naye pano pamanja siniiona."

"Nainenso siniiona. Palibe foni ingaione. Naona chabe vamene yachita kunja. Ningalakwe, ba tate, ndiye chifukwa chake afunika dokota wa nyali yoona m'kamwa, lelo lamene."

"Kuli ba Whyson apa paseli, bamadula mano ya akalulu na pulayasi. Mamineti yabili."

"Pulayasi imang'amba dzino mpaka ku muzu, pambuyo pake mafinya. Elo ba Whyson bazadula ya kutsogolo, yamene ilibe mulandu. Ba Whyson basunge pulayasi yao ya mawaya."

Apa ine ndinalowetsa mutu pa foni n'kunena kuti ku fakitale ndinazulapo dzino la foromani ndi sipanala ndipo anandithokoza.

Chimene chinawagwira ba Lazarous sichinali ulendo. Anali ana. Mawu awo anatsika. "Nikamuchosa pa bana, si bazafa na njala? Ba Belinda sibanachosepo mai pa bana."

Rumaisa anamva pamene pakupweteka, ndipo sanathamange. Anawafunsa ngati anamuonapo Madamu atagona ndi ana ake masana ngati mmene amachitira galu. Iwo anati ayi, ndipo ankamuyesa mayi waulesi. Anawauza kuti si ulesi. Kalulu amayamwitsa kamodzi pa tsiku, mwina kawiri, mphindi zochepa chabe, kawirikawiri kusanache bwino, ndipo za lero anali atayamwitsa kale. Akanyamuka tsopano, pofika madzulo akhala atabwerera. Koma akadikira mpaka Lolemba, mkaka uuma, ndipo awiri a makwinya aja sadzafika.

"Bavinikileni na ubweya wao wamene uja, khola ikhale pa mthunzi. Tikumane m'tauni."

Anavundikira makina ndi nsalu, n'kukolowola thumba limodzi la udzu wouma mwa matumba amene amapachika kudenga. Iye udzu amamweta nthawi ya mvula, anthu akumuseka, n'kuumitsa pamthunzi. Anakwera nalo minibasi, kondakitala akufunsa ngati akupita kukafolera nyumba.

Ife tinafika ndi Madamu m'katoni yoboolaboola, m'katimo muli botolo la madzi oundana lokulungidwa m'sokosi, monga anatilangizira, poti kutentha kokha kumapha kalulu. Ba Lazarous anavala jekete ndi tayi pa dzuwa limenelo. Katoni anaiika pamiyendo, ndipo njira yonse ankailankhulitsa motsitsa mawu.

Dokotala anali mayi yemwe uja Rumaisa ankamugwirira ntchito. Rumaisa anasamba m'manja osauzidwa, n'kumugwira Madamu monga ankachitira kale, dzanja lina pansi pa chifuwa, lina kumatako. Dokotala analowetsa kanyali kake ka mpope m'kamwa, n'kunena kuti dovu lachuluka, sakuona bwino, ayenera kumugonetsa. Anawauza ba Lazarous mosabisa kuti kugonetsa kalulu wofooka kuli ndi ngozi yake. Ba Lazarous anayang'ana Rumaisa. Rumaisa ankadziwa kuti ngati m'kamwamo mukanapezeka mopanda kanthu, ndiye kuti nyama ya ba Belinda waiika pa ngozi chifukwa cha rula yosokera ndi galasi la foni. Komabe anagwedeza mutu kuvomera.

Patapita kanthawi dokotala anatsegula chitseko n'kuitana ba Lazarous kuti adzaone okha. Ine ndinalowa nawo osaitanidwa. Kumanzere, kumwamba, m'kati mwenimweni, dzino limodzi linali litamera kansonga ngati munga, ndipo m'tsaya moyang'anizana nalo munali chilonda chofiira. Mbali yomweyo, malo omwewo amene mwana uja anatchula ali ku Chawama, kalulu ali ku George, pakati pawo pali tauni yonse ya Lusaka.

Ba Lazarous anavula chipewa. Anangoyang'ana dzinolo, n'kuyang'ana Rumaisa, n'kuyang'ananso dzinolo.

"Ichi wachiona pa foni?" anafunsa dokotala.

"Naona chabe kuti yakutsogolo yapendeka," anatero Rumaisa, maso ali pa mpweya wa kalulu.

Dokotala anapala nsonga ija, anatsuka kanjira ka misozi, anapereka mankhwala oletsa ululu. Ananena kuti mano otere amabwereranso, Madamu azidya udzu tsiku lililonse ndipo azionedwa, komanso diso mwina lipitiriza kulira pang'ono. Tinabwerera ku George dzuwa lisanalowe. Rumaisa anaviika mapeleti m'madzi mpaka kukhala phala, n'kuwasonyeza ba Lazarous kamwetsedwe kake ndi sirinji, kuchokera m'mbali mwa kamwa, pang'onopang'ono. Thumba la udzu anawasiyira. Ine anandipatsa ntchito: Loweruka lililonse ndizipita ku George kukajambula mano, diso ndi chibwano, popanda fyuluta.

Loweruka loyamba ndinapita, ndipo ndinajambula zambiri, n'kutumiza zitatu. Loweruka lachiwiri ndinapitanso. Loweruka lachitatu ndinanyamuka ndithu ndi mtima wabwino, koma pa msika wa Matero anzanga anandiitana ku drafuti, ndipo munthu sachoka pa drafuti akuwina. Pozindikira dzuwa lapendeka. Ndinafufuza m'foni, n'kupeza chithunzi cha mano cha Loweruka loyamba chimene sindinatumize, chooneka bwino kwambiri, n'kuchitumiza. Ndinati dzino ndi dzino.

Mawa lake ndinapita ku Chawama kukaona mlongo wanga. Ndinamupeza Rumaisa pa makina, akusoka siketi.

"Dzulo navutika, iwe," ndinatero pokhala pansi. "Madamu manje ali na mphamvu ya ng'ombe. Ananimenya kiki pa chifuwa mpaka nagwera mu dishi ya ba Lazarous. Koma nati mwana wa mulongo wanga afuna chithunzi, olo nife."

"Pepani, amalume," anatero, osatukula mutu. "Dzulo ka?"

"Dzulo lamene. Ma fiftini awazi, masana."

Anamaliza msoko, anadula ulusi ndi mano, n'kutenga foni. Anakulitsa chithunzi changa mpaka dzino limodzi kudzaza galasi lonse. Pa dzino lakumwamba lamanzere, pafupi ndi nkhama, panali kamzere kopingasa, kochepa ngati ulusi.

"Aka mwakaona? Dzino ya kalulu imakula pafupifupi mamilimita yabili pa sabata. Kamzere aka kamatsika nayo. Sabata yoyamba kanali apa pa nkhama. Yachibili kanali pakati."

Anasuntha chala, n'kutsegula chithunzi china chimene ine sindinachionepo. Ba Lazarous, ataona kuti dzuwa likupita ine osaoneka, anakapempha ba Chipego oyandikana nawo kuti awajambulire. Pa chithunzicho kamzere kaja kanali katafika kunsonga, katsala pang'ono kudyeka, ndipo mzere wa mano unali utayamba kuwongoka. Chotsatira chinali Madamu, chibwano chouma, udzu uli kukamwa, ndipo momuzungulira timitu tisanu ndi kamodzi tikulimbirana udzu womwewo.

Rumaisa anaika zithunzi ziwirizo pamodzi, changa ndi cha ba Chipego, n'kunditembenuzira foni.

"Manje niuzeni, amalume. Dzino ya Madamu inabwelera m'mbuyo masabata yabili, kapena ndimwe munali ku drafuti?"